Ndiode mabelo angati a shuga mwezi wa Julaye?

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kashopu kogulitsa katundu wapikupiku ku Limbe, ndipo shuga akundizunguza mutu. Kuyambira Januwale mpaka Juni ndagulitsa mabelo 40, 42, 45, 50, 58 ndi 62. Nthawi zonse ndimangophatikiza n'kugawa ndi chiwerengero cha miyezi, ndiye pano zikundipatsa 49.5. Koma ndingaode bwanji mabelo 50 pomwe mwezi wathawu atuluka 62? Januwale akukokera pansi ngati kuti ndi dzulo.

Mlamu wanga anandionetsa njira ina pa Excel, yolembedwa kuti Exponential Smoothing, imene imapatsa mphamvu zambiri mwezi waposachedwa:

```
F2 = a*B1 + (1-a)*F1
```

B1 ndi zomwe ndagulitsa, F1 ndi zomwe ndinalosera, F2 ndi zolosera za mwezi wotsatira, ndipo a ndi nambala ya pakati pa 0 ndi 1 yosonyeza mphamvu yomwe mwezi waposachedwa ukupatsidwa. Nditayambira pa 40, a ali 0.3, Julaye akutuluka 52.5. Nditakweza a kufika 0.6, akubwera pafupifupi 59. Zonsezi zikutsalirabe kumbuyo kwa 62, chifukwa malonda akukwera mwezi ndi mwezi.

Tsono a ameneyu mumamusankha bwanji? Ndiyese manambala angapo pa miyezi yapitayi n'kutenga imene yaphonya pang'ono, kapena miyezi isanu ndi umodzi yachepa?

Chinanso chikundiwawa: mu Juni shuga anatha masiku atatu mwezi usanathe. Mayi wina wa tiyi wa ku Ndirande anabwerera chimanjamanja atanyamula kale ndalama. Ndiye 62 uja ndi amene ndinagulitsa, osati amene anthu ankafuna. Ndimukonze bwanji ndisanamulowetse m'masamuwa?