Ndingaikemo "we" pamene mlembi wa Chifalansa sanadzitchule?

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndikumasulira m'Chingelezi chidule cha kafukufuku wa ulimi wa mapira ku Senegal, cholembedwa m'Chifalansa. Chiganizo chandiimitsa mutu ndi ichi: "La mise en évidence de l'effet de la sécheresse sur les rendements a été rendue possible par l'analyse des données."

Ndikatsata liwu ndi liwu, mayina akungounjikana, "of" akubwera kawirikawiri, ndipo mneni weniweni akubisala pakati. Choncho ndasandutsa mayina atatu kukhala aneni: "Analysing the data showed how drought affects yields." Chikumveka bwino, chafupikanso, koma "rendue possible" wasowa. Kodi mlembi amati kusanthulako kunaonetsa zimenezi, kapena kunangotsegula njira yoti zioneke? Kwa ine n'zosiyana ndithu.

Kwinaku walemba "il a été procédé à une enquête". Mtima ukufuna "we surveyed", koma mlembi ndi mmodzi, ndipo sakudzitchula paliponse. Inu amene munazolowera ntchito yotereyi, mumasiya wochitayo ali chibisalire, kapena mumayamba mwafunsa mwiniwake? Sindikufuna kumuikira mawu m'kamwa.