Sukulu yandisungira ndalama za nyemba, pano ikufunanso oda ina

Mayi wa nyemba, Kasungu:
Anzanga ndithandizeni, mutu wanga sukugwira. Teremu yatha ndinasapulaya nyemba pa sekondale ina ya boma yogonera konko. LPO, pepala la oda lochokera kusukuluko, inali ya matumba 40 a makilo 50, pa K150,000 thumba, yonse K6,000,000. Chakumapeto kwa teremu abasala anandiimbira usiku kuti ana agona ndi nsima ya mchere, bweretsani matumba 15 ena LPO ikupezani. Ndinapititsa. Delivale noti zonse ziwiri zosainidwa, mainvoyisi ndinasiya. Mpaka lero ngakhale 1 tambala, nyimbo yake ndi ya fandingi basi. Abasala aja anawasamutsa, atsopanowa akuti matumba 15 sakuwaona m'mabuku. Ndiye dzulo ahedi akuimba opanda ndi manyazi omwe kuti tikonzereni matumba 40 a teremu ino. Ndalama ndinakatenga ku banki mkhonde, chiwongoladzanja chikungokwera. Ndipititse kapena ndikane?

Madala a hadiweya:
Musapititse ngakhale nyemba imodzi. Pezani loya alembe kalata ya masiku 14, akapanda kulipira kukhoti. Anthu awa chinenero chimene amamva ndi samani.

Mlongo wa mayunifolomu:
Ine zinandionekerapo pa sukulu ina ku Lilongwe. Ndinangopita kwa mwini wake kunyumba Lamlungu m'mawa asanapite kutchalitchi, ndinakhala pakhonde mpaka anandilembera cheke. Pitani kwa dairekitala mayi, osalimbana ndi antchito.

Mayi wa nyemba, Kasungu:
Achemwali, ndati ya boma. Dairekitala wake ndikamupeza kuti?

Akauntanti wopuma:
Mayi, apa pali ngongole ziwiri zosiyana, ndipo mukamazitchula pamodzi ngati K8,250,000 mukuzichedwetsa nokha. Ya matumba 40 ili ndi LPO, imeneyo ndi ngongole ya sukulu ndipo aliyense wokhala pampando wa basala ayenera kuilipira. Ya matumba 15 pakali pano ndi nkhani ya inu ndi munthu amene anasamuka.

Yambani ndi yoyambayo. Musakafunse kuti ndalama zanga zili pati, adzakuyankhani za fandingi. Kafunseni kuti vaucha ya invoyisi yanga ndi nambala chani. Kuti vaucha ilembedwe pamafunika LPO, delivale noti, invoyisi ndi GRN, pepala la kusitolo lotsimikiza kuti katundu walandiridwa, zonse zogwirizana pa kuchuluka ndi mtengo. Akakupatsani nambala, ndiye kuti pepala lanu lili pamzere ndipo mwina ndalama palibedi. Akayamba kuyang'anana, dziwani kuti fayilo yanu sinayambe n'kuyenda komwe, ndipo ngakhale ndalama zitabwera mawa alipira ena. Nthawi zambiri chimene chimasowa ndi GRN. Funso langa: pa delivale noti ya matumba 15 anasaina ndani?

Mayi wa nyemba, Kasungu:
Ya 40 anasaina akusitolo ndi chidindo. Ya 15 anasaina abodingi masitala, unali usiku kusitolo kotseka. Chidindo palibe. Koma ana anadya, aliyense pasukulupo akudziwa.

Akauntanti wopuma:
Ndi pamene pagona nkhani. Nyembazo zinachoka pagalimoto n'kulowa kukhitchini osadutsa m'buku la kusitolo, ndiye basala watsopano sakunama, sakuziona. Akalipira chinthu chopanda LPO ndi GRN, maodita akabwera amugwira ndi iyeyo. Chimene ndikanachita ine, abodingi masitala akadalipo, alembe kalata yoti analandira matumba 15 tsiku lakuti, ahedi asainire ndi kudinda kuti sukulu ikuvomereza ngongole ya K2,250,000. Ikatero nkhaniyo ikalowe ku komiti yogula zinthu ya pasukulupo, ilembedwe m'maminitsi. Chitani msanga, aphunzitsi amasamutsidwa nthawi ina iliyonse.

Madala a hadiweya:
Makalata okhaokha mpaka liti? Ine khonsolo ina inandisungira ndalama za simenti, kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pamene ankandilipira, ndalama ija sinakwanenso kugula matumba amene ndinawapatsa. Ndikanapita kukhoti msanga bwenzi nditapulumutsako. Khoti basi.

Mnyamata wa sitesheonale:
Njira yachidule ilipo. Auzeni abasala atsopanowo alembe LPO ya matumba 55 ya teremu ino, inu mupititse 40. Aja 15 alowa momwemo, nkhani yatha. Timatero ndi mapepala a fotokope.

Akauntanti wopuma:
Achimwene, zimenezo musamaphunzitse anthu pagulu. Ndiye kuti akusitolo asainire matumba 55 ataona 40. Tsiku limene zidzavute, pepala lidzaonetsa kuti mayiwa analandira ndalama za katundu amene sanabweretse, ndipo za usiku uja palibe adzazikumbukire. Chimodzimodzi LPO yobweza deti m'mbuyo. Manambala a m'buku la LPO amatsatana, yolembedwa lero singakhale ndi deti la teremu yatha osaonekera.

Bambo wa nkhuni ndi ufa:
Ine ndiyankhe funso lenilenilo, loti apititse kapena ayi. Masukulu ogonera ndawasapulaya nthawi yaitali. Chakudya cha ana kwenikweni chimalipiridwa ndi ndalama za bodingi zimene makolo amapereka, ndipo zimalowa zambiri masabata oyambirira a teremu. Ikafika pakati, akaunti imakhala itauma, wa nyama watenga, wa nkhuni watenga, wa chigayo watenga. Ndiye nthawi yanu ndi inoyi, pamene akukufunani. Mukakana kwatunthu apeza wina, amulipira kashi ndi ndalama zomwe zikanakhala zanu, inu mukhala kumapeto kwa mzere. Mukapititsa 40 yonse mwadzimangirira. Ine ndimati lipirani LPO yakale, ndalama ikaoneka mu akaunti ndibweretsa matumba 10, a masabata angapo. Mukalipira amenewo ndibweretsa ena. Ndipo galimoto sinyamuka LPO isanafike m'manja, ngakhale chithunzi chake pa WhatsApp. Masana okha, akusitolo alipo.

Madala a hadiweya:
Kuwapatsanso matumba 10 anthu oti akusungira mamiliyoni? Mukuwazoloweza. Loya alembe kalata.

Bambo wa nkhuni ndi ufa:
Madala, inu simenti mumagulitsa kwa aliyense wodutsa pamsewu. Ife ogula matumba 40 pakamodzi m'boma muno ndi owerengeka, ndipo ahedi amadziwana onse. Ukatengera mmodzi kukhoti, makotesheni ako amangosowa m'mafayilo konsekonse. Komanso kuwina mlandu ndi boma n'kwina, kulandira ndalamayo n'kwinanso.

Mlongo wa mayunifolomu:
Koma musaiwale kuti ena amachedwetsa dala kuti muwaganizire ya fanta. Mukangoyamba, mtengo wake umakwera teremu iliyonse.

Akauntanti wopuma:
Chinanso mayi, powerengera za ku banki mkhonde musawerengere K6,000,000. Adzadula 3 peresenti ya msonkho wa MRA, K180,000, mulandira K5,820,000, pokhapokha ngati muli ndi satifiketi yoti asakuduleni. Akadula muumirire satifiketi yosonyeza kuti adula, chifukwa popanda imeneyo simungadzaichotsere pa msonkho wanu. Onaninso kuti mapepala anu a MRA ndi a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu m'boma, sanathe nthawi. Ndaonapo vaucha ikubwezedwa chifukwa cha zimenezo, mwini wake akungouzidwa kuti fandingi.

Mayi wa nyemba, Kasungu:
A PPDA ali bwino. Koma ahedi akakana kusainira kalata ya matumba 15 ija nditani? Paja iwo akuti nkhaniyo anaimva chabe.

Madala a hadiweya:
Mwaona? Ayamba kale kukana. Ndinanena ine.

Mnyamata wa sitesheonale:
Abale, pali amene walandirako malipiro a ku maofesi a boma mwezi uno? Kwathu akuti IFMIS, sisitimu ya pakompyuta yolipirira ya boma, yagwa kuyambira sabata yatha, sindikudziwa ngati n'zoona kapena akungondizemba.