Imelo yanga ya chiponde chatsopano ikumveka ngati kalata ya ku boma

Osatchula dzina: Thandizeni abale. Loweruka tikutulutsa chiponde chopanda shuga, botolo la magalamu 500. Ndalemba imelo yopita kwa makasitomala athu akale, koma mnzanga wa bizinesi akuti ndi youma, chikhalirecho iye sanalembeko ngakhale liwu, ndipo wosindikiza malebulo watichedwetsa sabata ziwiri. Ikuyamba chonchi: "Makasitomala athu olemekezeka, kampani yathu ndi yonyadira kukudziwitsani kuti katundu watsopano wakhazikitsidwa." Ndikonze pati?

Nachisale: "Wakhazikitsidwa" ndi ndani? M'chiganizomo mulibe munthu, n'chifukwa chake chikuzizira. Lembani ngati mukuuza kasitomala mmodzi pa kauntala: "Ambiri mwakhala mukufunsa chiponde chopanda shuga. Chafika. Kuyambira Loweruka chikupezeka, botolo la magalamu 500." Mtengo ubwere pomwepo, osati pansi. Za mbiri ya kampani fufutani, anthuwa amakudziwani kale. Koma chiganizo choyambacho muchilembe pokhapokha ngati anafunsadi.

Bambo a Tadala: Imelo m'Malawi muno? Ikani pa WhatsApp basi.

Nachisale: Afunsa za imelo, bambo. Chinanso, onani dzina la wotumiza. Ikachokera ku noreply@ ndiye kuti mwatseka chitseko musanapereke moni. Paoneke dzina lanu ndi la bizinesi, ndipo wina aziyankha anthu akalemba.

Mlongoti: Ikani dzina la munthu pamoni. Mu Mailchimp, pulogalamu yotumizira maimelo, mumalemba *|FNAME|*, nkhani yatha.

Nachisale: Siinathe. Pomwe dzina silinalembedwe pamndandanda, munthu alandira "Moni ," ndi kampata. Pamafunika chonchi:

```
*|IF:FNAME|*Moni a *|FNAME|*,*|ELSE:|*Moni,*|END:IF|*
```

Komanso mayi wa zaka 60 simungamuitane ndi dzina loyamba ngati mnzanu wa ku sukulu. Kufewetsa imelo si kuchotsa ulemu, "inu" akhalebe "inu".

Mlongoti: Pamenepo "a" uja wakonza kale, mayi.

Nachisale: "A Grace" kwa apongozi anu? Yesani.

Chisomo K.: Ine ndimagula chiponde pa Lizulu, chanucho chimalekana mafuta pamwamba?

Wa ku Zomba: Mutu wa imelo ndi umene anthu amaona poyamba, ndipo foni imadula mutu wautali. "Chidziwitso chokhudza kukhazikitsidwa kwa katundu watsopano" udukira panjira chiponde chisanatchulidwe. "Chiponde chopanda shuga chafika" ukwana wonse. Linki ikhale imodzi, yoodera. Musanatumize kwa onse, dzitumizireni nokha, mutsegule pafoni, muwerenge mokweza. Pomwe lilime lakodwa, dulani. Koma simunatiuze: makasitomalawa ndi anthu ogula botolo limodzi kapena eni mashopu? Wa shopu akufuna mtengo wa katoni ndi tsiku lomubweretsera, za kukoma alibe nazo ntchito.

Osatchula dzina: Ndi osakanikirana. Nanga mnzangayu ndimuuze bwanji kuti naye azigwirako ntchito?

Wa ku Zomba: Ndiye maimelo ndi awiri. Gawani mndandandawo kaye.

Bambo a Tadala: Mashopuwo aimbireni foni.