Bimu ya T yandizunguza mutu, kompureshoni ikukana kufanana ndi yankho

Wophunzira wa ku Chibavi: Akuluakulu ndithandizeni, mayeso ali pafupi ndipo funso ili ndakhala nalo masiku awiri. Bimu yake ndi ya T, fulanje ili pamwamba 100 mm mulifupi ndi 20 mm kunenepa, webu ili pansi 20 mm ndi 80 mm, kutalika konse 100 mm. Yakhala pa masapoti awiri A ndi B otalikirana 4 m, kenako yapitirira 1 m kuseri kwa B. Pakatikati pa A ndi B pali katundu wa 4 kN, kunsonga kopitirirako kuli 2 kN. Sentiroidi ndapeza 67.8 mm kuchokera pansi, I ndapeza 3.14 × 10⁶ mm⁴, momenti yayikulu 3 kNm pakati. Ndikaika mu σ = My/I tenshoni ikutuluka 64.7 MPa zomwe zikugwirizana ndi pepala la mayankho koma kompureshoni ine 30.8 pepala likuti 43.1, ndabwereza mpaka kandulo kutha dzulo magetsi atazima. Ndikuphonya pati?

Wa ku Luwinga: Aise cheka y, anthu ambiri amangogawa 100 pawiri nkuika 50 ngati ndi rekitango. Pa T mzere wopanda sitiresi umadutsa pa sentiroidi osati pakati. Ndipo tenshoni nthawi zonse imakhala pansi, iweyo ungosamala y basi.

Wophunzira wa ku Chibavi: 50 sindinaike achimwene, pansi ndaika 67.8 pamwamba 32.2

Mayi injiniya, Katoto: Mchimwene wanga, sentiroidi ndi I zako zili bwino, ndawerengera nane. Vuto wayang'ana malo amodzi okha. A ku Luwinga za y mwanena zoona koma zoti tenshoni imakhala pansi nthawi zonse ayi. Tenga rula ya pulasitiki uyike pa mabuku awiri mbali ina ipitirire, udinikize kunsongako, uona kuti pamwamba pa buku lachiwiri rula yapinda ngati nsana wa mphaka, pamwamba pakukokeka pansi pakufinyika. Ndi zomwe zikuchitika pa B. Momenti pamenepo ndi 2 kN × 1 m = 2 kNm, yaing'ono inde, koma yatembenuka, ndiye mbali yofinyika tsopano ndi pansi pa webu paja pali kutali ndi sentiroidi. Ika 2 × 10⁶ × 67.8 ugawe ndi 3.14 × 10⁶ uona 43 yako ija ikutuluka. Pakati paja momenti ndi 3 koma mbali yofinyika ndi fulanje yomwe ili 32.2 mm chabe, nchifukwa chake 30.8. Tenshoni pa B ili pamwamba, 20.5 MPa, siyikufika pa 64.7. Choncho tenshoni yayikulu ili pakati, kompureshoni yayikulu ili pa B, malo awiri osiyana ngakhale zonse zili kunsi kwa webu.

Wophunzira wa ku Chibavi: Eee yatulukadi! Ndiye kuti momenti yayikulu siyokwanira payokha?

Mayi injiniya, Katoto: Pa rekitango kapena I yofanana pamwamba ndi pansi imakwana chifukwa y ndi mmodzi. Apa y wapansi akuposa wapamwamba kawiri ndi pang'ono, ndiye poyerekeza ndi 3 kNm ya pakati ija, momenti yotembenukayo ikangodutsa cha m'ma 1.4 kNm yayamba kale kulamulira kompureshoni. Dayagilamu yako ya momenti ikadutsa ziro uziwerengera manambala anayi onse, tenshoni ndi kompureshoni pa malo onse awiri, usamasankhe ndi maso.

Fomani wa ku Mchengautuwa: Masamuwa ine sindiwatsata kwenikweni koma izi ndinaziona ndi maso. Khonde lina la konkire lotulukira kunja popanda pilala, anyamata anaika zitsulo pansi monga anazolowera pa silabu, titachotsa mapulanga mng'alu unatseguka pamwamba pomwe khonde likumana ndi khoma, woti ndalama ya chitsulo kulowa. Tinagwetsa. Simenti yonse ija kupita pachabe, zimandiwawabe.

Wa ku Luwinga: Ndavomera amayi, ndinaiwala kopitirirako. Nanga T yo tikaitembenuza fulanje ikhale pansi si bwino?

Mayi injiniya, Katoto: Zitengera chitsulo chake. Mukatembenuza manambala pakati asinthana, tenshoni 30.8 kompureshoni 64.7, ndipo pa B tenshoni ikwera kufika 43.1 pamwamba. Chikakhala chitsulo chothira mu chikombole chija chophwanyika msanga chikakokedwa, kutsitsa tenshoni kuchoka 64.7 kufika 43.1 ndi phindu. Chikakhala chitsulo wamba chomangira, 64.7 ikadalipo, yangosintha dzina, komanso webu yopyapyala yofinyika pamwamba itha kupindikira m'mbali.

Wowotcherera, Zolozolo: Nanga engo ayoni ija ya L timaika pamwamba pa mageti, fomula yomweyi igwira? Yanga imati ikalemedwa imapotokera m'mbali osati kungotsika.

Mayi injiniya, Katoto: Imeneyo musaiike mu My/I mwachindunji bambo, T ili ndi mzere woigawa mofanana kumanzere ndi kumanja pomwe L yoimikidwa choncho ilibe, nchifukwa chake ikuthawira m'mbali. Tumizani saizi yake ndi kutalika kwa geti ndione madzulo ndikaweruka.