Paipi yachitsulo ikudontha pomwe inakumana ndi yakopa, ndisinthe yonse kapena pajoini pokha?

Wofunsa: Abale a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. M'nyumba mwathu muli mapaipi achitsulo a galivanaizi omwe akhala zaka zoposa 15 osavuta. Zaka ziwiri zapitazo tinaika giza, ndipo amene anatiikira anatulutsa madzi otentha ndi paipi yakopa, n'kukailumikiza ku paipi yachitsulo yakale ija ndi soketi ya bulasi. Pano pamazinga a paipi yachitsulo, pomwe yalowera mu soketiyo, patupa dzimbiri ndipo pakuthonya madzi. M'mawa mpopi wa madzi otentha umayamba watulutsa madzi ofiirira, kenako n'kuyera. Mbali ya madzi ozizira ilibe vuto lililonse. Kodi paipi yonse yatha, kapena vuto lili pajoinipo?

Nangozo: Madzi ofiirira ngati amenewo tinali nawo kwathu, ndipo anapeza kuti madzi a mjigo wathu ali ndi ayironi wambiri. Ikani sefa basi, mapaipi asiyeni.

Pulambala wakale: Mayi Nangozo, zanuzo n'zoona koma ndi nkhani ina. Madzi obwera ndi ayironi wake kuchokera pansi nthawi zambiri amatuluka oyera, n'kudzafiira akakhala m'ndowa, ndipo amatero pampopi uliwonse. A mnzathuwa amafiira poyamba pokha, akagona m'paipi usiku wonse, komanso mbali imodzi. Dzimbiri limenelo likupangidwira m'paipi momwemo.

Achimwene ofunsa, chimene anakuikirani pajoinipo ndi batire, ngakhale sanadziwe. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana, zonse zili m'madzi amodzi, china chimadyeka kuti china chipume. Pakati pa kopa ndi chitsulo, chodyeka ndi chitsulo, ndipo bulasi amakhala mbali ya kopa. Chitsulo chimasungunukira m'madzi pang'onopang'ono n'kusiya ma elekitironi, amene amayenda m'chitsulomo kupita kukopa. Kumeneko okosijeni wosungunuka m'madzi amawalandira. Kopa yekha sadya paipi, koma amapatsa okosijeni malo otakasuka olandirirapo, ndiye chitsulo chapafupi chimalipira. N'chifukwa chake zoonongeka zimaunjikana masentimita ochepa kuchokera pajoini.

Ndipo zayambira pamazinga chifukwa podula mazinga timachotsa zinki yemwe amakuta paipi, komanso khoma la paipi timalipepula. Pamalo pomwe batire ili ndi mphamvu kwambiri ndi pomwe paipi ili yopyapyala kwambiri.

Mnyamata wa zowotcherera: Ine ndimadziwa kuti dzimbiri limafuna mpweya. Paipi yodzaza madzi mulibe mpweya, ndiye izi zayambira kunja. Palani ndi burashi yawaya, pakani penti, mangani ndi tepi yoyera ija yambiri kuti zitsulozo zisakhudzane.

Mphunzitsi wa sayansi: Theka loyamba mwakhoza, achimwene, dzimbiri lotere limafunadi okosijeni. Koma madzi amanyamula wake. Lita imodzi ya madzi a 20°C yomwe yakhala pamphepo imasunga okosijeni wokwana pafupifupi mamiligalamu 9. Akuoneka wochepa, koma nthawi iliyonse mukatsegula mpopi mumalowetsa watsopano. Mapaipi achitsulo otenthetsera nyumba, omwe madzi ake amangozungulira omwewo, amakhala zaka zambiri chifukwa okosijeni amatha masiku oyamba ndipo salowanso wina.

Mutha kuziona nokha ndi misomali yopalidwa bwino. Woyamba muuike m'botolo la madzi apampopi. Wachiwiri m'madzi owiritsa, muthire mafuta pamwamba kuti mpweya usalowe. Wachitatu muukulunge waya wakopa molimba, muuike m'madzi othira mchere pang'ono. Pakapita masiku angapo wachiwiri udzakhala pafupifupi momwe unalili, woyamba udzafiira, wachitatu madzi ake adzachita matope.

Pulambala wakale: Aphunzitsi anena bwino. Za tepi zija ndikane: mazinga amaiboola pomanga, zitsulo zimakhudzanabe. Penti wakunja sathandizanso, chifukwa madzi akuthonyawo aboola kuchokera mkati.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga mcherewo ukulowa bwanji? Madzi athu sawawa mchere ngakhale pang'ono. Komanso valavu ya bulasi ili pa paipi yozizira kuyambira kale, bwanji iyo sinachite chimodzimodzi?

Mphunzitsi wa sayansi: Lilime silingamve mchere umene paipi imamva. Madzi onse apampopi ali ndi mchere wosungunuka, ndipo ndi umene umalola magetsi a batire ija kuyenda m'madzi. Ukachuluka, magetsi amayenda mosavuta ndipo amafika patali ndi joini. Koma si mchere wonse umene uli mdani. Kuloraidi ndi salifeti ndiwo amaboola kachikuto koteteza chitsulo. Laimu, uja amasiya zoyera mkati mwa ketulo, akamata pang'ono m'paipi amatchinga okosijeni. Choncho madzi ofewa, ochita thovu msanga ndi sopo, nthawi zambiri amadya paipi kuposa olimba. Makina oyezera TDS angokuuzani kuchuluka kwa mchere wonse, osati mtundu wake.

Pulambala wakale: Funso la valavu ndi labwino kwabasi. Nkhani ndi kukula kwa malo. Valavu ndi kabulasi kakang'ono pa paipi yaitali, malo olandirira okosijeni ndi ochepa, ndiye kudyekako kumachepa. Kwanuko muli mamita a kopa amene akukoka pa timazinga tochepa topanda zinki. Onjezani kutentha, kumene kumafulumizitsa zonse. Madzi akapitirira 60°C, m'madzi ena zinki amaleka kuteteza chitsulo, mpaka chitsulocho n'kumadyeka m'malo mwake.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa ndi mayendedwe a madzi. Mwati akuchoka kukopa kupita kuchitsulo. Madzi amatenga kopa pang'ono, n'kukamusiya mkati mwa paipi ya galivanaizi, ndipo kadontho kalikonse kamakhala batire yakeyake. Pachifukwa chimenechi sitiika kopa kumtunda kwa galivanaizi. Yuniyoni yokhala ndi pulasitiki pakati imadula batire ya pajoini, koma kopa woyenda m'madziyu siimuletsa.

Chitani chonchi. Zimitsani giza, tsekani madzi, dulani paipi theka la mita kuchokera pajoini, muyang'ane mkati ndi tochi. Mukaona khoma losalala, lotuwa, lokhala ndi dzimbiri lopyapyala, paipi ikadali ndi moyo. Mukaona timatumphu tadzimbiri, kolopolani kamodzi ndi sikuludiraiva. Pansi pake pamakhala pakuda ndi kadzenje, chifukwa pobisika pomwe okosijeni safika ndi pamene pamadyeka, pamene malo ozungulira akulandira okosijeniyo. Maenje akapezeka ngakhale patali ndi joini, sinthani mzere wonse wa madzi otentha, muike kopa yekhayekha kapena pulasitiki ya madzi otentha, monga PPR. Ozizira asiyeni.

Musanaike pulasitiki pakati, itanani wamagetsi aone ngati waya wa ethi sunamangidwe pa paipi imeneyo. Mukaudula mosadziwa, giza ikadzavuta munthu akhoza kugwidwa ndi magetsi pampopi.

Nangozo: Pepani ndinathamanga. Koma bambo, kwa mchemwali wanga kuli joini yotereyi zaka zambiri, siinadonthepo. Zikutheka bwanji?

Pulambala wakale: Zimatheka, mayi. Ine ndikuganiza kuti madzi awo ali ndi laimu wambiri.

Mphunzitsi wa sayansi: Kapena ili mbali yozizira, kapena madzi akuchoka kuchitsulo kupita kukopa. Popanda kuyeza madziwo ine sindingaloze laimu yekha.

Wofunsa: Ndadula monga munanenera. Timatumphu tilipo tambiri pafupi ndi joini, koma pomwe ndadulapo ndaona tiwiri tokha, timaenje take tosazama. Mbali yotsalayo ili m'khoma, ndiye kuisintha n'kugumula. Pamenepa mungatani, bambo?