Amuna anga akukumbukira za ukwati wathu koma za m'mawa uno ayi, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Abale, mutu wanga waima. Bambo a kunyumba ali ndi zaka 44. Zakale akukumbukira zonse, tsiku la ukwati wathu, mayina a anzawo a kupulayimale, ngakhale ngongole imene mlongo wanga sanawabweze. Koma muwauze chinthu pano, mutuluke panja n'kubwerera, chafufutika. Dzulo anangokhalira kufunsa komwe mwana wapita mpaka ine misozi. Alamu anga akuti akunamizira pothawa ntchito, apongozi akuti ndimawasokoneza ndine ndi kulongolola, chonsecho palibe amene amabwera kudzawazonda, ndalama ya sukulu ndikusaka ndekha. Adokotala anatchula hipokampasi koma ankayankhula mothamanga. N'chiyani chimenechi? Munthu angaiwale bwanji za lero n'kumakumbukira za zaka 20 zapitazo?

Mkulu Wosabisa Mawu: Mowa umenewo mayi, musazungulire. Munthu womwa kwambiri sadya mokwanira, vitamini B1 amatha m'thupi, ubongo n'kuonongeka. Malume anga anafika popeka nkhani zoti sizinachitike. Muwagulire mavitamini, mowa asiye lero lomwe.

Make Mapasa: Pepani achemwali. Ifenso agogo anayamba chonchi, kubwereza funso, kenako kusochera panjira yoizolowera. Anati ndi matenda a Alzheimer. Abale kuthawa wodwala ndiye musanene, ine ndinasamala ndekha mpaka kumapeto.

Mnyamata wa Minibasi: Inenso ndimaiwala pomwe ndaika makiyi tsiku lililonse, ndiye kuti yanganso yapita?

Namwino Wopuma: Achimwene a makiyi, inu mumaika makiyiwo maganizo ali kwina, ndipo wina akakukumbutsani mumati eya, zoona. Zimene akufotokoza mayiwa n'zina.

Mayi, hipokampasi zilipo ziwiri, ina kumanja ina kumanzere, mkati mwa ubongo cha kumene kuli makutu. Chinthu chikamachitika, ubongo suchilandira malo amodzi. Nkhope ya mlendo imagwiridwa kwina, mawu ake kwina, malo amene munakhala kwinanso. Hipokampasi ili ngati luzi lomangira mtolo wa nkhuni: imamanga zidutswazo kuti zikhale nkhani imodzi, yakuti m'mawa uno kunabwera uje, tinakhala pakuti, ananena zakuti. Imachita zimenezi polimbitsa polumikizirana maselo amene agwira ntchito nthawi imodzi. Kenako, makamaka munthu ali m'tulo, imabwereza nkhaniyo kambirimbiri mpaka mbali zakunja za ubongo zitazolowera kulumikizana zokha. Zimenezi zimatenga nthawi yaitali, ngakhale zaka. N'chifukwa chake ukwati wanu ulipobe, unakhazikika kale. Za m'mawa uno sizinamangidwe n'komwe.

Koma simunatiuze chinthu chachikulu. Zinayamba pang'onopang'ono kapena mwadzidzidzi? Chinachitika n'chiyani zisanayambe?

Mkulu Wosabisa Mawu: Zonsezo n'zotalika anamwino. Afunseni ngati bamboyo amamwa, nkhani ithe.

Namwino Wopuma: Akulu, matenda amene mukunenawo alipodi, a Korsakoff, ndipo kupeka nkhani kumaoneka mwa ambiri. Kungoti amaononga kwambiri tizigawo tina tolumikizana ndi hipokampasi, ndipo munthu amene akuganiziridwa kuti vitamini B1 wamuthera mpaka kusokonezeka mutu amafunika jakisoni kuchipatala, osati timapiritsi togula. Komanso mayiwa sanatchule mowa.

Wophunzira za Ubongo: Ndiikepo nkhani ya Henry Molaison wa ku America. Mu 1953, ali ndi zaka 27, dokotala William Scoville anamuchotsa mbali yaikulu ya hipokampasi zonse ziwiri ndi zozungulira pofuna kuchepetsa khunyu. Khunyuyo inachepa, nzeru zake sizinathe, ankacheza bwinobwino, koma munthu akatuluka m'chipinda n'kubweranso ankamulonjera ngati mlendo. Brenda Milner anamuphunzitsa kutsata mizere ya nyenyezi ndi pensulo akuyang'ana pagalasi. Kwa masiku atatu dzanja linkanka lizolowera, koma iye sankakumbukira kuti anayeserapo. Luso la manja limadutsa njira ina, n'chifukwa chake bambowa mwina akutha kupalasa njinga ndi kugwira ntchito zawo zakale, abale n'kumati akunama. Molaison anakhala choncho mpaka kumwalira mu 2008.

Make Mapasa: Iwe mwana, munthu akulira iwe ukumuuza za wina amene sanachire mpaka imfa? Khala ndi chisoni.

Wophunzira za Ubongo: Amayi, uja anachita kumuchotsa mbali zonse ziwiri ndi mpeni. Si aliyense amene zimaonongeka kufika pamenepo.

Membala wobisa dzina: Mowa samwa, ndipo zondinena kuti ndikubisa ndatopa nazo, kunyumba kuno n'zomwezo. Njinga akupalasadi, wailesi akukonza. Zinayamba atatuluka m'chipatala. Anagona m'chipinda chotseka muli makala oyaka, anzawo anawapeza atakomoka. Koma zija anachira, anabwera akuyenda okha.

Mkulu Wosabisa Mawu: Munthu wabwinobwino angagone ndi makala osamva utsi? Anali atalawa ameneyo.

Namwino Wopuma: Ayi akulu, mpweya wa kaboni monokisaidi umene umatuluka m'makala oyaka ulibe fungo kapena mtundu, umagonetsa munthu amene sanalawepo dontho. Mayi, apa ndiye pagona nkhani. Mpweya umenewu umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200, ndiye ubongo umasowa okosijeni. Maselo a hipokampasi, makamaka kachigawo kotchedwa CA1, ali m'gulu la maselo osachedwa kufa zikatere, ndipo mbali zonse ziwiri zimakhudzidwa pamodzi. Munthu amadzuka akuyenda, akuyankhula, aliyense n'kumati wachira. Kwa ena mavuto amatulukira patapita masiku kapena milungu. Za Alzheimer amene atchula Make Mapasa zimayambiranso cha komweko, koma zimabwera mwakachetechete kwa zaka, osati usiku umodzi.

Yesani izi modekha, osati ngati mayeso. Auzeni mawu atatu osagwirizana, monga mpando, mtambo, galu. Abwereze pomwepo. Mwina atha, chifukwa kugwira mawu kwa kamphindi sikudalira hipokampasi. Chezani nkhani ina kwa mphindi zisanu, kenako afunseni. Akalephera, athandizeni kuti amodzi anali a nyama. Munthu amene vuto lake ndi nkhawa, kusagona kapena maganizo obalalika nthawi zambiri amati eya, galu. Amene hipokampasi yavulala thandizolo silimupindulira kwenikweni, mwinanso sakumbukira kuti munamuuzapo mawu. Zimenezi sizilowa m'malo mwa dokotala, koma mudzakhala ndi chomufotokozera.

Mphunzitsi wa Sekondale: Ine ndinganene za alamuwo. Atengeni akamve okha kwa dokotala. Ndipo musamawafunse bambowo kuti mwaiwala kale? Zimangowapweteka. Kope limodzi, malo amodzi, muzilembamo komwe mwana wapita.

Mkulu Wosabisa Mawu: Kope adzaiwala kuti lilipo. Mavitamini sapha munthu, ine ndanena.

Mphunzitsi wa Sekondale: Poyamba aziiwala, koma sizidzakhala choncho mpaka kale. Wophunzira uja wanena kuti chizolowezi chimalowa ngakhale munthu sakukumbukira kuti anaphunzira. Azilitsegula limodzi nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse.

Membala wobisa dzina: Nanga anamwino, adzabwerera mwakale? Kuntchito akufuna yankho.

Namwino Wopuma: Sindingakulonjezeni, mayi. Maselo amene afa sabwerera, koma ena amakhala angovulala, ndipo anthu ena amasintha ndithu m'miyezi yoyambirira mpaka chaka, ena pang'ono chabe. Bwererani kwa dokotala, muyambe ndi nkhani ya makalayo, munene nthawi imene anakhala chikomokere ngati anzawo akuidziwa. Funsani za kuyeza kukumbukira ndi za kujambula ubongo ndi makina a MRI, chifukwa makina ena ojambulira otchedwa CT nthawi zambiri saonetsa bwino hipokampasi. Pakadali pano asamwe mankhwala okha, angabwereze mosadziwa. Mukaona akugwa, akunjenjemera, akuyenda modzandira kapena kuiwalako kukukula, musadikire tsiku limene anakupatsani.

Make Mapasa: Za kuntchitozo mupemphe kalata ya dokotala achemwali, musapite ndi pakamwa pokha.