Lipoti la kadyedwe ka ana: makina alemba "kuwononga", ndikonze bwanji?

Womasulira wachinyamata

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Bungwe lina landipatsa lipoti la kadyedwe ka ana lomwe analimasulira kale pa makina. Akuti ndingoliwongola pang'ono kuti akaligawe kwa makhansala, mafumu ndi makomiti a zaumoyo. Chiganizo china m'Chingerezi chili chonchi:

```
Stunting among under-fives fell by 10 percentage points, from 47% in 2010 to 37% in 2015-16, while wasting stood at 3%.
```

Makina alemba kuti: "Kupunduka pakati pa osakwana asanu kunagwa ndi mfundo 10 peresenti, kuchokera 47% mu 2010 kufika 37% mu 2015-16, pamene kuwononga kunaima pa 3%."

Mawu oti "kuwononga" ali paliponse m'lipotili. Ndikuganiza zongodina `Ctrl+H` n'kuwasintha onse kamodzi. Koma ndiikepo mawu ati?

Wa pa wailesi

Ikani "kunyentchera" basi, achemwali. Ndi mawu amene timalankhula pa wailesi tsiku ndi tsiku ndipo agogo kumudzi amawamva. Ngakhale pamene alemba "kupunduka" paja mutha kuikapo omwewo. Zogawagawa izi ndi za madokotala.

Mayi wa zaumoyo

Achimwene a pa wailesi, zoti anthu amawamva mawuwo sindikutsutsa, koma mukawaika pawiri ponse chiganizo chidzati kunyentchera kuli pa 37 komanso kuli pa 3. Khansala atenge nambala iti? Izi ndi zinthu ziwiri, ndipo kusikelo timaziyeza mosiyana.

Choyambacho ndi mwana amene wafupika poyerekeza ndi zaka zake. Zimayamba pang'onopang'ono, kuyambira ali m'mimba mpaka zaka ziwiri makamaka, chifukwa cha kudya kosakwanira ndi kudwaladwala. Mwanayo atha kuoneka wonenepa bwinobwino, akuthamanga pabwalo. Ameneyu timati wapinimbira. "Kupunduka" chotsanimo msanga, mfumu ingaganize kuti ana 37 mwa 100 alionse ndi olumala.

Chachiwiricho ndi mwana amene thupi latha poyerekeza ndi kutalika kwake, kawirikawiri chifukwa cha njala kapena matenda a posachedwa, monga kutsegula m'mimba. Uyu ndi wamsanga. Tikamuyeza pamkono ndi kalamba kaja n'kupeza kuti sakufika masentimita 11.5, walowa pofiira, ayambe chiponde kapena agonekedwe. Chithandizo chake si chimodzi ndi cha wopinimbira.

Mkonzi wakale

Mwanawe, chotsa kaye chala pa `Ctrl+H`. Lipoti la kadyedwe silimalephera kukhala ndi ndime ya chakudya chowonongeka m'nkhokwe kapena chotayidwa, ndipo pamenepo "kuwononga" ali pamalo pake. Ukasintha onse kamodzi, udzapeza anankafumbwe akuwondetsa chimanga. Usafufuze m'Chichewa cha makinacho. Fufuza m'Chingerezi, mawu amodziamodzi, `wasting` payekha, `waste` payekha, uone pamene aliyense wagwera. Makina sasunga mawu amodzi: tsamba lino alemba "kuwononga", tsamba linalo atha kulemba "kutaya" kapena "kuwonda" pa chinthu chomwecho. Ukayambira ku Chichewa, enawo akudutsa osawaona.

Ine ndisanakhudze chiganizo chilichonse ndimalemba kaye kandandanda ka mawu ovutawo, mbali ino Chingerezi, mbali inayo mawu amene ndasankha. Ndimakatumiza kwa eni lipoti kuti munthu wawo wa zaumoyo avomereze. Akadzasintha maganizo ntchito itatha, pali poloza.

Tsono chiganizo chakocho mawu a matenda si vuto lokha. "Osakwana asanu" akutanthauza kuti anawo ndi anayi kapena atatu. Zaka zasowa. Ndi "ana osakwana zaka zisanu". Kenaka "mfundo 10 peresenti" sizikunena kanthu, ndipo ukangochotsa "mfundo" n'kusiya "kunatsika ndi 10 peresenti" wanama. Kuchoka pa 47 kufika pa 37 ndi ana khumi mwa 100 alionse, inde, koma khumi ukawayerekeza ndi 47 uja ndi pafupifupi 21 peresenti. Wina wodziwa masamu akawerenga "10 peresenti" achotsa 4.7 pa 47 n'kupeza 42 ndi kanthu. Njira yosavuta ndi kusalimbana nawo mawuwo, manambala anene okha. Ine ndikanalemba motere:

"Mu 2010, ana 47 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Pofika 2015-16 chiwerengerochi chinali chitatsika kufika pa ana 37 mwa 100 alionse. Pa nthawi yomweyo, ana 3 mwa 100 alionse anali owonda kwambiri poyerekeza ndi kutalika kwawo."

Ziganizo zitatu m'malo mwa chimodzi. Palibe chimene ndasunga cha makina kupatula manambala, ndipo nawonso ndawayerekeza ndi Chingerezi.

Womasulira wachinyamata

Zikomo bambo. Koma "poyerekeza ndi kutalika kwawo" ndi mawu ataliatali, m'matebulo sakwana. Sindinganene kuti "poyerekeza ndi msinkhu"?

Mayi wa zaumoyo

Msinkhu ayi, achemwali. Tikati "ana a msinkhu umodzi" ena amva zaka, ena amva kutalika. Ndiye m'lipoti ngati limenelo mulinso gulu lachitatu, la ana opepuka poyerekeza ndi zaka zawo, amene amayi amati sikelo yatsika. M'kafukufuku yemweyo wa 2015-16 anali 12 mwa 100 alionse. Mukalemba "msinkhu", gulu la ana 3 mwa 100 ndi gulu la ana 12 mwa 100 asakanikirana. Nenani "zaka" pamene pali zaka, "kutalika" pamene pali kutalika.

Wa makontirakiti

Ine funso langa ndi la malipiro. Anthuwa akati "ingowongolani" amafuna kulipira theka. Inenso chandigwera ndi lipoti la zamalamulo, makina anameza "osa" pa chiganizo china, choletsedwa chinasanduka chololedwa. Musavomere mtengo musanaone tsamba ngakhale limodzi.

Mkonzi wakale

Za mtengo tikambe padera, koma mwakhudza chenicheni. Chiganizo chophotchoka ngati chija sichiopsa, aliyense achiona. Choopsa ndi chimene chikumveka bwino koma "si" kapena "osa" wagwa, kapena "kutsika" kwasanduka "kukwera". N'chifukwa chake kuwerenga kumakhala kawiri. Koyamba Chingerezi chili pambali, chiganizo ndi chiganizo, maso pa manambala, zaka ndi mawu okana. Kachiwiri utseke Chingerezicho, uwerenge Chichewa chokha mokweza. Apa ndi pamene khutu limagwira zinthu ngati "chiwerengero cha ana atsika" m'malo mwa "chatsika", zimene zimachuluka ukasintha dzina n'kuiwala mneni wake.

Za tebulo, lemba "owonda kwambiri" pamutu pa mzere, tanthauzo lonse ulipereke kamodzi pamene mawuwo ayambira kuoneka ndi pansi pa tebulo.

Wa pa wailesi

Za kupinimbira ndagonja. Koma "owonda kwambiri" sizikundikhutitsa. Mwana atha kukhala wowonda mwachibadwa, mayi ake n'kumati ndi mtundu. "Kunyentchera" kumamveka kuti ndi matenda, munthu athamange naye kuchipatala.

Mayi wa zaumoyo

Pamenepo muli ndi mfundo. Vuto ndi loti m'zolemba zambiri "kunyentchera" amakugwiritsa ntchito pa vuto lonse la kusowa zakudya m'thupi, magulu atatu onse pamodzi. Ngakhale ife azaumoyo sitinena chimodzi. Ngati lipotilo lili ndi `malnutrition` pamutu, mawuwo mwawagwiritsa kale ntchito pamenepo.

Womasulira wachinyamata

Alimo, pamutu penipeni komanso m'ndime zambiri. Ndiye ndichita chonchi: "kunyentchera" ndisungira vuto lonse, "kupinimbira" kwa ofupika, "kuwonda kwambiri" kwa gulu la ana 3 mwa 100 lija, "kupepuka poyerekeza ndi zaka" kwa gulu la ana 12 mwa 100. M'kandandandamo ndilembamo kuti pa gulu la ana 3 mwa 100 pali maganizo awiri, eni ake asankhe. Amayi, pali `moderate` ndi `severe` patsogolo pa `wasting` m'tebulo lina. "Kwambiri" ndamugwiritsa kale ntchito, ndiye pamenepo ndilembe chiyani?